Malonda a ndalama: wosintha ndalama amadyera pati?

Mwezi wa Disembala, basi yochokera ku Joni ikaima pa chipata cha Mwanza, ambiri mwa otsikamo amakhala ndi vuto limodzi. M'thumba muli ndalama, thukuta la chaka chonse, koma ndi marandi. Kondakitala wa minibasi ya kumudzi sangawalandire, kuchigayo sangawalandire, ngakhale agogo amene akudikirira kangachepe sangadziwe chochita nawo. Tsiku lomwelo ku Limbe kuli mayi amene akukonzeka ulendo wokaoda nsapato ndi mabulangete ku Joni. Iyeyu ali ndi makwacha odzaza chikwama, koma akudziwa kuti akangowoloka Limpopo makwachawo adzakhala mapepala chabe.

Anthu awiriwa akanakumana akanathandizana mosavuta: uyu n'kupereka marandi, uyo n'kupereka makwacha. Koma sadziwana, sali malo amodzi, ndipo ndalama zimene wina ali nazo sizingafanane ndendende ndi zimene winayo akufuna. Pakati pawo ndiye pamaima wosintha ndalama. Amagula marandi kwa wobwera, n'kuwasunga mpaka wopita atafika. Salima, sapanga kanthu, sanyamula katundu pamutu, koma mwezi ukatha amalipira lendi ndi antchito. Ndalama yakeyo imachokera pati?

Ndalama ikasanduka katundu

Tinazolowera kuona ndalama ngati chinthu chogulira zinthu. Kwa wosintha ndalama, randi ndi katundu ngati mmene tomato alili kwa mayi wa pamsika wa Lizulu. Amapikula motsika, amagulitsa mokwera, ndipo chapakatipo n'chake. Mtengo wa katunduyu ndi umene anthu amautchula kuti reti: makwacha angati pa randi imodzi, pa dola imodzi, pa paundi imodzi.

Pali kusiyana kumodzi kokha kumene kumapangitsa malondawa kuoneka achilendo. Mayi wa tomato amapikula kudimba m'mamawa kulibe amene akumuona, n'kudzagulitsa pamsika masana. Inu wogula simudziwa kuti dengu analitenga pa zingati. Wosintha ndalama amapikula ndi kugulitsa pawindo limodzi, kwa anthu a pamzere umodzi, ndipo mitengo yonse iwiri amailemba pabolodi aliyense akuona. Ndi malonda ochepa kwambiri amene mwini wake amapachika phindu lake pakhoma chotere. Komabe tiona kuti chimene chili pakhomacho sindicho chimalowa m'thumba mwake.

Mitengo iwiri ya pabolodi

Mukalowa m'banki kapena m'byuro, ndiye kuti kaofesi kosinthira ndalama kamene kali ndi chiphaso cha Banki Yaikulu ya Malawi, mupeza bolodi ya mizere iwiri. Pamwamba pa mzere wina alembapo BUY, pa wina SELL. Woyambawo ndi mtengo wogulira, wachiwiriwo ndi wogulitsira.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ena amafika pokangana ndi wa pawindo. Munthu wabwera kudzagula marandi, ndiye maso ake amathamangira pamzere wogulira, poti iye akugula. Ayi. Bolodi imalankhula m'malo mwa mwini byuro, osati m'malo mwanu. Mtengo wogulira ndi umene iye akugulira kwa inu, ndipo wogulitsira ndi umene iye akukugulitsirani. Ngati mwaiwala, njira yachidule ndi iyi: pa mitengo iwiriyo, wanu ndi umene ukukupwetekani. Mukamapereka marandi mulandira wotsikawo. Mukamafuna marandi mulipira wokwerawo.

Tiyerekeze kuti bolodi ikunena kuti randi akugula pa K95 ndipo akugulitsa pa K100. Manambalawa ndi oyerekeza chabe, tawasankha kuti asativute powerenga, poti reti yeniyeni imasinthasintha. Kusiyana kwa K5 kumeneku tikutchula kuti mpata. M'mutu uno mawu amenewa abwera kawirikawiri.

Kuti muone kuti mpata ndi ndalama yeniyeni, taganizani za mayi wa ku Limbe uja. Wapereka K100,000, walandira R1,000. Asanatuluke n'komwe, foni yalira: kumudzi kwagwa zovuta, ulendo walephereka. Akubwerera pawindo lomwe lija ndi marandi omwe aja, asanawapinde n'komwe. Alandira K95,000. M'mphindi zisanu K5,000 yapita, ndipo palibe amene wamubera.

Woyenda kudutsa ndalama ziwiri amalumidwa kawiri. Munthu ali ndi R1,800 ndipo akufuna madola. Nthawi zambiri wa pawindo amayamba wagula marandiwo ndi makwacha, kenako n'kumugulitsa madola ndi makwacha omwewo. Pa K95, marandi aja apereka K171,000. Ngati dola akugula pa K1,710 n'kumagulitsa pa K1,800, munthuyo atuluka ndi $95. Pakanapanda mpata mbali zonse ziwiri, mtengo wapakatikati ukanakhala marandi 18 pa dola, ndipo akanatuluka ndi $100 yathunthu.

Mpamba uyenera kuyenda

Tsopano tiwoloke kauntala, tikakhale kumene kumakhala mwini malonda. Tinene kuti wapatula mpamba wa K1,900,000 kuti uzigwira ntchito ya marandi okha. Byuro yeniyeni imafuna mpamba woposa pamenepa ndipo imachita malonda a ndalama zamitundu ingapo, koma masamu ake ndi omwewa.

Pa K95, mpambawu ugula R20,000. Akagulitsa onsewo pa K100 alandira K2,000,000. Papezeka K100,000 yapamwamba. Mukaiyerekeza ndi mpamba umene analowetsa, ndi K5 ndi timatambala pa K100 iliyonse, kapena kuti maperesenti 5 ndi pang'ono. Wogulitsa kaunjika atamva zimenezi akhoza kuseka, chifukwa iye belo imodzi ikamuyendera bwino amapeza zoposa apa kutalitali.

Koma funso lofunika m'malonda awa si lakuti wapeza zingati paulendo umodzi. Funso ndi lakuti mpambawo wayenda maulendo angati. Makwacha asanduke marandi, marandi asanduke makwacha: umenewo ndi ulendo umodzi. Ukayenda kamodzi pamwezi, K100,000. Ukayenda kakhumi, K1,000,000, pa mpamba womwewo, osawonjezerapo tambala.

Ndiye pali zolipira, zimene sizifunsa kuti malonda anayenda kapena ayi. Tiyerekezenso kuti lendi ndi K250,000 pamwezi, antchito awiri a pawindo K300,000, mlonda K90,000, magetsi ndi intaneti ndi mapepala a malisiti K60,000, ndipo chiphaso ndi inshuwalansi tikazigawa pa miyezi ya chaka zikubwera K50,000. Zonse pamodzi K750,000.

Kuti adziwe pamene malonda ake ayambira kumudyetsa, mwini byuro amagawa zolipirazo ndi mpata. K750,000 kugawa ndi K5, yankho ndi 150,000. Tanthauzo lake n'lakuti marandi 150,000 oyamba amene agule n'kugulitsa m'mwezi umenewo ndi a eni nyumba, antchito ndi mlonda. Pa masiku 25 ogwira ntchito, ayenera kutulutsa R6,000 tsiku lililonse asanayambe kudziwerengera kanthu. Mpamba wake uyenera kuyenda maulendo asanu ndi awiri ndi theka kuti angofika poyambira.

Mwezi umene wagulitsa R200,000, zapamwamba ndi K1,000,000, kuchotsa K750,000, kutsala K250,000, ndipo msonkho sunachotsedwe. Mwezi umene wagulitsa R120,000 zapamwamba ndi K600,000, ndiye kuti waluza K150,000, ngakhale kuti randi iliyonse anaigulitsa mokwera kuposa mmene anaigulira. Bolodi inali yomweyo miyezi yonse iwiri.

N'chifukwa chake mabyuro amakonda kukhala pamene pali mapazi: pafupi ndi mashopu akuluakulu, pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, pafupi ndi zipata za dziko. N'chifukwa chakenso munthu wobwera ndi ndalama zambiri amatha kunenerera. Akafika ndi R30,000 n'kunena kuti, “Bwana, K95 yachepa, tandikwezereniko pang'ono,” mwini byuro akhoza kuvomera K97. Mpata watsika kufika pa K3, koma pa R30,000 imeneyo ndi K90,000, yobwera ndi munthu mmodzi ndi lisiti limodzi. Wobwera ndi R200 asayerekeze n'komwe.

Madzulo, powerenga m'kabati

Pepala limalola kuti tinene kuti wagula R20,000 n'kugulitsa R20,000. Pawindo sizikhala choncho. Ogulitsa ndi ogula sabwera mofanana.

Tsiku lina byuro yagula R9,000 koma yagulitsa R4,000 yokha. Yatulutsa K855,000, yalandira K400,000. Madzulo makwacha m'kabati achepa ndi K455,000. Wophunzira kumene ntchitoyi mtima umamugunda, kuganiza kuti lero agwa nayo. Sanagwe. M'kabati ina mwawonjezeka R5,000, imene anaigula pa K475,000. Mukachotsa K455,000 pa K475,000 mupeza K20,000, ndipo imeneyo ndi phindu la lero: K5 pa randi iliyonse ya R4,000 imene yatuluka. Pa R5,000 yotsalayo palibe phindu lililonse mpaka itapeza wogula. Ndi katundu wa pashelefu.

Choncho wosintha ndalama amawerenga makabati awiri nthawi zonse, ndipo onse awiri akhoza kumuimitsa malonda. Marandi akatha, wofuna marandi amabwerera. Makwacha akatha, wobweretsa marandi amabwereranso. Chiwongolero chake ndi bolodi yomwe ija. Marandi akamuchulukira amatsitsa mtengo wogulira kuti obweretsa achepe, ndipo nthawi zina amatsitsanso wogulitsira kuti katundu atuluke msanga. Akamusowa amakweza wogulira kuti akope amene ali nawo. Kotero mukaona byuro ina ikugula mokwera kuposa inzake ya tsidya la msewu, sikuti mwini wake ndi wachifundo. Kabati yake yauma.

Nyengo nazo zimalowererapo. Disembala amabweretsa marandi ndi anthu obwera kutchuthi, Januwale amawatenganso ndi anthu obwerera kuntchito. Madola amaoneka bwinoko m'dziko muno misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo amasowa kwambiri kumapeto kwa chaka pamene dziko likuitanitsa feteleza pamwamba pa mafuta ndi mankhwala a masiku onse. Wodziwa ntchito amakonzekera zimenezi monga mmene wogula chimanga amakonzekera nthawi yokolola.

Chinthu china chimene chimadya phindu mwakachetechete ndi kuiwala kuti katundu wa m'kabati sanagulidwe pa mtengo umodzi. Lolemba wagula R10,000 pa K95. Lachitatu marandi asowa, wagula R10,000 ina pa K98. Marandi onsewa asakanikirana, sangadziwe kuti pepala ili ndi la Lolemba. Mtengo wake weniweni tsopano ndi wapakati, K96.50. Ngati akugulitsabe pa K100, mpata wake ndi K3.50, osati K5. Amene amawerengabe ndi K5 m'mutu adzadabwa pakutha pa mwezi kuti K30,000 yalowera kuti.

Pepala limodzi lachinyengo

Mpata ukakhala waung'ono, cholakwika chaching'ono chimakhala chachikulu. Pepala lalikulu kwambiri la randi ndi la R200. Wa pawindo akalandira limodzi lachinyengo, wapereka K19,000 pa chinthu chopanda ntchito. Kuti K19,000 imeneyo ibwerere, pa K5 randi iliyonse, ayenera kugula ndi kugulitsa R3,800 ina bwinobwino. Ndi ntchito yoposa theka la tsiku m'byuro yathu ija, yotayika chifukwa cha kuphethira kamodzi.

Mukamaona wa pawindo akusisita pepala lanu ndi chala, kuliyang'ana pa kuwala, kulipendeketsa, kulilowetsa pansi pa nyali yobiriwira ngati mtambo, musamuone ngati akukunyozani. Akufuna kumva kukhakhala kwa inki, kuona chithunzi chobisika m'kati mwa pepala ndi kaulusi kachitetezo. Pa $100 ya mtundu umene unatuluka mu 2013 amayang'ananso kariboni kabuluu kolukidwa m'pepalamo, kamene zithunzi zake zimayenda mukalipendeketsa.

Madola akale, ong'ambika, olembedwalembedwa kapena othimbirira amawakana kapena kuwagula motsika. Izi zimakwiyitsa anthu, ndipo m'pomveka, chifukwa ku Amereka komweko pepala lakale ndi ndalama ndithu. Koma wosintha ndalama sakuganiza za ku Amereka. Akuganiza za munthu wotsatira pamzere, amene akupita ku Dar es Salaam kapena ku Dubai ndipo akana kulandira pepala limene akudziwa kuti kumeneko likamuvuta. Katundu amene sangamugulitse msanga amamangirira mpamba, ndipo taona kale kuti mpamba wongokhala subala. Pa chifukwa chomwechi, m'malo ambiri mapepala a $50 ndi $100 amagulidwa mokwera kuposa a $1 ndi $5, ndipo ndalama zachitsulo zakunja pafupifupi palibe amene amazifuna.

Usiku umene mtengo unasintha

Zonse tanenazi ndi zing'onozing'ono poyerekeza ndi chinthu chimodzi: reti kusintha katundu ali m'manja. Tomato amawola, ndalama siwola, koma mtengo wake umatha kusuntha munthu ali m'tulo.

Amalawi izi tazionapo kangapo. Mu Meyi 2012, boma la mayi Joyce Banda litangolowa, dola inachoka pa pafupifupi K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi maperesenti 25. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inalengeza kuti dola, imene inali pa pafupifupi K1,180, tsopano ikhala pa K1,700.

Titenge ya 2023 ija, tiyerekeze osintha ndalama awiri oyandikana. Woyamba anagona ndi $1,000 m'kabati. Wachiwiri anali atagulitsa madola ake onse madzulo, n'kugona ndi makwacha.

Woyambayo anadzuka katundu wake atakwera kuchoka pa K1,180,000 kufika pa K1,700,000. K520,000 yabwera osatsegula n'komwe chitseko.

Wachiwiriyo nkhani yake ndi imene ili ndi phunziro la malonda onsewa. Tinene kuti $1,000 yake anaigula pa K1,180 n'kuigulitsa pa K1,230. M'buku lake analemba phindu la K50,000, ndipo sananame. Koma kutacha, K1,230,000 ija inkangogula pafupifupi $723. Dzulo lake shelefu inali ndi madola 1,000, lero singadzadzenso. M'makwacha wapindula, m'katundu watsala ndi zosakwana magawo atatu a magawo anayi a zimene anali nazo. Wa golosale amene anagulitsa shuga yense pa mtengo wakale, n'kukapeza kuhoselo atakweza, akudziwa bwino ululu umenewu.

Choncho wosintha ndalama wochenjera sadzifunsa kuti, “Ndinagula pa zingati?” Amadzifunsa kuti, “Ndikagulitsa dola iyi, ina yolowa m'malo mwake ndiigula pa zingati?” Mtengo wogulitsira umatsatira mtengo wa mawa, osati wa dzulo. Ndipo ngakhale woyamba uja asafulumire kuvina. Akadya K520,000 ija ngati phindu, watsala ndi K1,180,000, imene tsopano ikungogula pafupifupi $694. Sanalemere kwenikweni, anangopulumuka. Akadali ndi madola 1,000 omwe aja, pamene lendi, mafuta ndi ufa zikuyamba kukwera.

Pano tipatuke pang'ono, poti pali kanthu kamene kamasokoneza ngakhale owerenga nyuzipepala tsiku ndi tsiku. Kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, dola inakwera ndi maperesenti 44, ndipo nambala imeneyi ndi imene inamveka ponseponse. Koma mukafunsa kuti kwacha inataya mphamvu yochuluka bwanji, yankho ndi pafupifupi maperesenti 31, poti ndalama imene inkagula $1,000 inayamba kugula $694. Manambala onsewa ndi oona. Wina akuyang'ana kuchokera kumbali ya dola, wina kumbali ya kwacha.

Reti ikhozanso kuyenda chobwerera. Randi imakwera ndi kutsika tsiku lililonse pa misika ya dziko lapansi, ndipo mu 2013, fodya atayamba kugulitsidwa, kwacha inapezako mphamvu kwa kanthawi. Munthu amene wadzaza kabati ndi marandi a K95, mtengo wogulitsira n'kutsika kufika pa K93, aluza K2 pa randi iliyonse, K40,000 pa R20,000 ija. Mantha a zimenezi ndi amene amakulitsa mpata. Zinthu zikakhala bata mpata umachepa, mphekesera zikachuluka umatambasuka. Ndalama imene anthu saifunafuna, imene ingakhale m'kabati milungu ingapo, mpata wake umakhalanso waukulu kuposa wa dola, chifukwa ikakhalitsa chiopsezo nacho chimakula.

Bolodi ilipo, madola palibe

Masamu onsewa amayenda bwino pamene munthu angathe kugula ndi kugulitsa pa mtengo wolembedwa. M'Malawi zaka zambiri sizinakhale choncho. Dziko limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndiye ofuna madola amachuluka kuposa madola amene alipo. Pamene mtengo wovomerezeka wagwiridwa kuti usakwere, pabolodi pamakhala nambala yokongola, koma mukafunsa amakuyankhani kuti, “Pepani, lero tilibe.”

Taonani mmene zimenezi zimaphera byuro yotsata malamulo. Munthu amene ali ndi $100 akudziwa kuti kuseri kwa sitolo ampatsa zambiri, ndiye pawindo sabwera. Byuro ikapanda kugula singagulitse. Mpata ulipo pabolodi, koma mpamba sukuyenda, ndipo K5 kuchulukitsa ndi ziro ndi ziro. Lendi yokha ndiyo imabwerabe pa tsiku lake.

Malonda amasamukira kumsika wamdima, umene ambiri amangouti bulaki. Mu 2025 mtengo wa dola kumeneko unafika poposa kawiri mtengo wa kubanki. Kusiyana kotereku sikulinso mpata wa malonda wamba. Amene wapeza madola pa mtengo wa kubanki n'kukawagulitsa pamsewu amapindula tsiku limodzi zimene byuro singapeze chaka chonse, ndipo phindu lake silichokera ku ntchito yokumanitsa wogula ndi wogulitsa. Limachokera kwa amene anamanidwa madolawo pamzere: woitanitsa mankhwala, kholo lolipira fizi kunja, wodwala wopita ku India. Kusintha ndalama zakunja popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo ogwidwa amatha kulandidwa ndalamazo.

Wa pamsewu alibe lendi, alibe mlonda, salemba lisiti. M'malo mwake amawerengera zake zina: kugwidwa, kuchitidwa chipongwe ndi achifwamba poti aliyense akudziwa kuti m'chikwama muli chiyani, ndi kulandira mapepala achinyengo popanda makina owayesera. Ambiri mwa anyamata amene mumawaona atanyamula mitolo ya ndalama pa Mchinji, pa Dedza kapena pa Songwe ndalamazo si zawo. Mpamba ndi wa bwana wina amene saoneka, iwo amangodya kachigawo ka mpata.

Phindu limene silili pa reti

Pali njira inanso yopezera phindu imene siili m'masamu a mutu uno, koma woyenda aliyense ayenera kuidziwa. Ine ndinaiphunzira ndi thumba langa, pa chipata china, ndikupita ku Tete.

Ndinali ndi K60,000 yofuna kusintha kukhala metikali. Mnyamata wovala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo anandipingasa ndisanafike n'komwe pa ofesi yodindira mapasipoti.

“Madala, metikali? Reti yanga ndi yabwino, funsani aliyense pano.”

Inalidi yabwino, yoposa ya anzake awiri amene ndinali nditawafunsa kale, ndipo zimenezo zokha zikanayenera kundidzutsa. Anadina pa kakyuleta, kundionetsa nambala, ine n'kuvomera. Anandipatsa mtolo. Ndinawerenga mofatsa, n'kupeza kuti mukusowa pepala limodzi la 100.

“Achimwene, mwaperewera.”

“Aa, zoona? Pepani madala, tabweretsani ndione.”

Analandira mtolowo, kuwerenga mokweza ine ndikuona, n'kuvomera kuti ndalondola. Anatulutsa pepala la 100 m'thumba, kuliika pamwamba, n'kundibwezera ndi manja awiri mwaulemu. Ndinaika m'thumba ndikudzitama mumtima kuti ine sapusitsa. Nditakhala m'galimoto ndi pamene ndinawerenganso. Pepala la 100 linalimo ndithu. Mapepala awiri a 500 a pansi pa mtolo ndi amene munalibe.

Kuperewera koyamba kuja kunali dala. Cholinga chake chinali chakuti mtolo ubwerere m'manja mwake nditauwerenga kale, chifukwa munthu amene wangogwira cholakwika n'kuona chikukonzedwa sawerenganso kachitatu. Reti yabwino ija sinamudyere kanthu, poti sankayembekezera kudyera pa reti.

Ena amasewera ndi kakyuleta, kuika nambala ina m'kati mwake kuti yankho lituluke lochepa. Ena amadalira maziro. Dziko la Mozambique linachotsa maziro atatu pa metikali mu 2006, la Zambia linachita chimodzimodzi pa kwacha yake mu Januwale 2013, ndipo mlendo wosadziwa maonekedwe a ndalama yatsopano akhoza kupatsidwa mapepala akale amene anasiya kugwira ntchito. Kuyambira tsiku limene lija, ndikafuna kusintha ndalama ndimawerengeratu pa foni yanga zimene ndiyenera kulandira, ndimagwira zanga mpaka zake nditaziwerenga, ndipo mtolo ukangochoka m'manja mwanga pa chifukwa chilichonse ndimayambiranso kuwerenga kuchokera pa pepala loyamba, ngakhale dalaivala akuimba hutala.